Netiweki ikuthera pakhonde: zomwe ndinayeza m'nyumba ya ku Zengeza

Anzanga a geni ndi inu a dalaivala, dandaulo lomwe ndalimva kwambiri chaka chino si la msonkho wa paboda ayi, koma lakuti "ndinakuyimbirani, foni yanu inali yozimitsa." Mwini foniyo amalumbira kuti sinazime, inali pa tebulo m'chipinda, batire lodzaza. Onse awiri akunena zoona. Foni ikakhala pamalo pomwe netiweki sifika, woyimba amamva zomwezo zimene akanamva ikanakhala yozimitsa, ndipo dalaivala amene waima pa Mbudzi ndi mabelo anu asanu sangakudikireni tsiku lonse. Ali ndi ulendo wa ku Nyamapanda, akufuna akawoloke boda msanga. Katunduyo amapitirira naye mpaka ku Blantyre, kapena amamusiya m'manja mwa munthu amene simukumudziwa.

Ine ndimakhala ku Zengeza, muno mu Chitungwiza, pafupifupi makilomita 30 kummwera kwa Harare. Makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo geni yanga ndi ya zitenje ndi nsapato, pakati pa Joni, kuno ndi kumudzi. Nyumba yomwe ndimachita lendi ili ngati zambiri za kuno ndi za ku St Mary's ndi ku Seke: kanyumba kakale ka khonsolo kofoleredwa ndi asibesitosi, kenaka eni ake n'kumawonjezera zipinda kumbuyo chaka ndi chaka, mpaka bwalo lonse latha. Chipinda chomwe ndimasungiramo katundu ndi kugonamo ndi chomalizira kumbuyo. Chili ndi denga la malata, zenera limodzi laling'ono la zitsulo zotchingira akuba, ndipo zeneralo linayang'anizana ndi mpanda wa konkire womwe uli pa mtunda wa phazi limodzi kapena awiri. Kwa akuba ndi chipinda chabwino. Kwa foni ndi dzenje.

Anthu ambiri zikatere amathamangira kusintha simu khadi, ena kugula foni ina. Musanatulutse ndalama, yezani kaye, chifukwa matenda a netiweki ya m'nyumba alipo angapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Timizere tija ta pamwamba pa foni musatikhulupirire kwambiri. Kampani iliyonse yopanga mafoni imajambula timizereto m'njira yakeyake, moti foni ziwiri zogundana pa tebulo limodzi, za laini imodzi, ina imatha kuonetsa titatu inzake tiwiri. Chomwe sichinama ndi nambala yomwe ili m'kati. Pa mafoni ambiri a Android mumalowa mu `Settings`, kenaka `About phone`, n'kufufuza `SIM status`, ndipo pamenepo pali mzere wolembedwa `Signal strength`. Pa Samsung ndi pa iPhone palinso manambala oyimba omwe amatsegula tsamba la miyeso:

```
Samsung:  *#0011#
iPhone:   *3001#12345#*
```

Mukakhala pa 4G, fufuzani mawu akuti `RSRP`. Nambala yake imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo ndi `dBm` kumapeto, ndipo imawerengedwa chobwerera ngati ngongole: ikamakula ndiye kuti zinthu zikuipa. Pa -85 muli pabwino. Pa -100 mukhoza kuyimba ndi kutumiza zithunzi popanda vuto lalikulu. Pa -110 mawu ayamba kudukaduka. Mukafika cha m'ma -120 foni imangogwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Chinanso choti mudziwe n'chakuti masitepe ake si ofanana ndi a sikelo ya pamsika. Nambala ikaipa ndi 3, mphamvu yatsika ndi theka. Ikaipa ndi 10, yatsala gawo limodzi mwa magawo khumi. Ikaipa ndi 20, limodzi mwa 100.

Ine ndinayenda ndi foni imodzi, laini imodzi, m'mawa wa tsiku lomwe magetsi analipo, n'kumaima mphindi imodzi pamalo aliwonse kuti nambala ikhazikike. Pageti inali -96. Pazenera la pabalaza, lomwe linayang'ana kumsewu, -101. M'kanjira ka pakati pa zipinda, -112. M'chipinda changa, pa bedi, -121, ndipo nthawi zina foni inkagwera pa 2G kapena kulemba kuti palibe netiweki. Kenaka mnyamata wa eni nyumba anakwera nayo pa makwerero mpaka pamphepete pa denga, mbali ya kumsewu, ndipo kumeneko inali -88.

Manambala amenewa anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, kuchoka pageti kufika pa bedi pali kusiyana kwa 25, kutanthauza kuti mphamvu yomwe imafika pa bedi langa ndi yochepa kuposa ya pageti maulendo pafupifupi 300, pa mtunda wosakwana masitepe makumi awiri. Ameneyo si mlandu wa kampani ya foni, ndi wa makoma. Chachiwiri, ngakhale pageti penipenipo -96 si nambala yonyadira. Nsanja ya netiweki, yomwe anzathu a Chishona kuno amaitcha busita, ili patali ndithu ndi ife ndipo pakati pali nyumba zambiri. Choncho netiweki imafika pakhomo itatopa kale, makoma n'kungoimaliza. Munthu amene amakhala moyandikana ndi nsanja, pageti pake pali -75, akhoza kutaya 25 yemweyo m'makoma n'kutsalabe ndi -100 kuchipinda, osadziwa n'komwe kuti pali vuto. N'chifukwa chake m'bale wanu wa ku Makoni, wa nyumba yomangidwa chimodzimodzi ndi yanu, amakuuzani kuti laini yakutiyakuti ilibe vuto, inu mukaigula n'kupeza zomwezo.

Makoma nawo sadya mofanana. Galasi wamba ndi chitseko cha matabwa zimadya pang'ono. Khoma la njerwa limadya kwambiri, makamaka likakhala la mizere iwiri, ndipo likanyowa m'nyengo ya mvula limadya moposa, popeza madzi amamwa mafunde a wailesi. Konkire ya zitsulo m'kati, ya silabu kapena ya nyumba zosanja, imaposa njerwa. Koma mfumu ya zonse ndi chitsulo. Malata sadutsika, amabweza mafunde ngati mmene kalilole amabwezera kuwala. Apa ndi pomwe nyumba za kuno zimapusitsira anthu: mbali yakale ya asibesitosi netiweki imalowako ndi pamwamba pomwe, pamene chipinda chatsopano, chokongola, cha malata owala, chimatsala ndi zenera lokha ngati khomo. Zeneralo likayang'ana kumpanda, basi. Inu a matakishopu a kontena, nkhani yanu ndi yomweyi koma yoposa, chifukwa mwakhala m'bokosi lachitsulo mbali zonse zisanu ndi imodzi. Kamakina kolipirira pa khadi kakamakana m'kati, katulutseni pakauntala musanayambe kukangana ndi kasitomala.

Pali chinthu china chomwe chimazunguza anthu: kumva mnzako bwinobwino iye osakumva. "Ndikukumvani, lankhulani!" kwinaku iye akungoti halo, halo. Nsanja ili ndi mawu aakulu, imalankhula ndi mphamvu ya mawati makumi angapo kuchokera pamwamba. Foni yanu pa 4G sipitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a wati imodzi. Mawu a nsanja amatha kulowa m'chipinda pamene a foni akulephera kutuluka. N'chifukwa chakenso meseji ya WhatsApp imalowa koma chithunzi cha risiti chomwe mukutumiza kwa ejenti wa paboda chimangozungulira. Ndipo foni ikamakuwa ndi mphamvu zake zonse chonchi imatentha, batire n'kutha msanga. Batire likamatha usiku foni ili chigonere m'chipinda cha kumbuyo, yang'anani nambala ija musanapite nayo kwa okonza.

Mwaonanso kuti foni ikalowa m'kati imachoka pa 4G n'kugwera pa 3G kapena pa `E`. Mafunde otsika, monga a 900 MHz omwe 2G imayendera, amapita patali ndipo amalowa m'makoma bwino kuposa a 1800 ndi 2100 omwe amanyamula intaneti yothamanga. Izi mukhoza kuzigwiritsa ntchito. Ngati chomwe mukudikira usiku umenewo ndi kuyimbiridwa, kapena meseji ya nambala yachinsinsi yochokera kubanki, kapena kulipira ndi `*151#` ya EcoCash, zonsezi sizifuna intaneti. Lowani pa `Network mode` kapena `Preferred network type`, muike foni pa 2G yokha, isiye kudumphadumpha pofunafuna 4G yomwe kulibe. M'chipinda changa njira imeneyi inkathandiza kuti foni izilira ndithu, ngakhale mawu ake anali a m'chitini. M'mawa muzikumbukira kubwezera, apo ayi WhatsApp idzakhala ngati yafa.

Tsono pali matenda ena awiri omwe amafanana ndi a makoma koma si a makoma, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa. Oyamba ndi a madzulo. Chitungwiza ndi tauni yogonamo: m'mawa makombi amatuta anthu kupita ku Harare kudzera mu Seke Road, madzulo n'kuwabweza onse. Kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka 10, aliyense ali pa foni, ndipo nsanja imodzi ikugawira khamu lonselo. Mukayeza nthawi imeneyo mupeza nambala ili yomwe ija ya m'mawa, timizere tili tonse, koma kanthu sikakuyenda. Kumeneko ndi kuthithikana, ndipo ngakhale mutakwera padenga sizisintha. Zithunzi za katundu ndi mapepala a paboda tumizani m'bandakucha. Achiwiri ndi a magetsi. Nsanja zimakhala ndi mabatire, zina majenereta kapena sola, koma magetsi akazima maola ambiri zina zimagona. Foni yanu ikatero imakagwira nsanja ina yakutali. Chizindikiro chake n'chakuti nambala ya pageti, yomwe masiku onse imakhala -96, imapezeka ili -110 patapita maola angapo chizimireni magetsi, n'kubwerera okha akayaka. Pamenepo chothandiza ndi laini yachiwiri ya kampani ina. Kuno kuli Econet, NetOne ndi Telecel, ndipo yomwe ili yabwino kwa inu ndi yomwe nsanja yake ili pafupi ndi nyumba yanu, osati yomwe ili ndi dzina lalikulu. Bwerekani simu ya mnansi, muyeze pa malo omwe aja, musanagule.

Vuto langa linali la makoma ndi mtunda, ndipo mankhwala ake mfundo yake ndi imodzi: netiweki ilipo penapake panyumba, igwireni pamenepo, muilowetse m'kati ndi njira ina.

Njira yosalira ndalama ndi kupatsa foni malo ake. Kwa miyezi ingapo yanga inkagona pazenera la pabalaza, pa -101 paja, ine n'kumayankha ndi kam'khutu kopanda waya. Kamafika mamita khumi okha, ndipo makoma amakadyanso, moti kankathandiza kukhitchini koma osati kuchipinda. Komanso foni ya geni kuigoneka pazenera la nyumba ya anthu ambiri, mtima sukhala m'malo.

Kenaka ndinagula rauta ya 4G yolowetsa simu, ya mtundu wokhala ndi timabowo tomangirira mlongoti wakunja. Apa pali kanthu komwe ambiri amalakwitsa. Amakhoma mlongoti padenga, n'kukoka waya wake wautali mpaka kuchipinda komwe aika rauta. Waya wa mlongoti amadya mphamvu pa mita iliyonse, makamaka wopyapyala wotchipa uja, moti zomwe mwapindula padenga zimathera m'njira. Chofunika ndi kuika rauta pafupi ndi mlongoti, waya asapitirire mamita atatu kapena asanu, kenaka mtunda wotsalawo muuyende ndi wayifayi kapena ndi waya wa intaneti wa makompyuta, yemwe amatha kufika mamita 100 osataya kanthu. Ife tinakhoma mlongoti pamphepete pa denga pomwe tinapeza -88 paja, n'kumautembenuza pang'onopang'ono, wina ali pansi akuwerenga nambala pa tsamba la rauta, mpaka pomwe inasiya kutsika. Rauta ili pamwamba pa kabati m'kanjira. Wayifayi yake imadutsa khoma limodzi lokha kuti ifike pa bedi langa. Ngati rauta yanu ikuonetsa maina awiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz, kuchipinda chakutali sankhani la 2.4, pa chifukwa chomwe chija chakuti mafunde otsika amalowa bwino m'makoma. Amene ndalama ya rauta sinakwane, foni yakale yoikamo simu ya bandulo, yosiyidwa pa chaja pazenera labwino itatsegulidwa `Hotspot`, imagwira ntchito yomweyo mochepera.

Rauta imafuna magetsi, ndipo za magetsi kuno sindikuuzani ndine. Mwayi wake imadya pang'ono, zambiri ndi za mavoti 12 ndipo sizipitirira mawati khumi kapena khumi ndi awiri. Kabatire kakang'ono kopangidwira marauta kamaiyendetsa maola angapo, ndipo amene muli ndi sola ya nyale simungamve n'komwe kulemera kwake.

Wayifayi ikafika kuchipinda, WhatsApp yatheka. Koma si onse amene amayimba pa WhatsApp. Dalaivala yemwe bandulo lamuthera pa Beitbridge amayimba pa laini. Ejenti, banki, kasitomala wachikulire wa kafoni ka mabatani, onsewa amayimba pa laini. Apa ndi pomwe pamabwera `Wi-Fi Calling`, yomwe pa mafoni ena imalembedwa `VoWiFi`. Imeneyi si pulogalamu yoika m'foni ayi. Ndi laini yanu yomweyo, nambala yanu yomweyo, kungoti foni imafika ku kampani kudzera pa wayifayi m'malo modzera pa nsanja. Woyimbayo sasowa intaneti, sadziwa n'komwe kuti mawu ake adutsa pa rauta. Inu mukayimba, mayunitsi amadulidwa ngati mwa masiku onse, si yaulere, ndipo pa bandulo la rauta imadya pang'ono, cha m'ma megabaiti imodzi pa mphindi.

Poitsegula, lembani `Wi-Fi Calling` pa malo ofufuzira mu `Settings`. Foni ikakhala ya simu ziwiri, simu iliyonse ili ndi kabatani kake. Koma kuyatsa kabatani si umboni wakuti yagwira, chifukwa pamafunika zinthu zitatu zigwirizane: foni ikhale yodziwa, kampani ikhale yopereka, ndiponso kampaniyo ikhale yovomereza mtundu wa foni yanuyo pa laini yanu. Mafoni ambiri omwe timapikula, opangidwira msika wa ku China kapena ku America, amagwa pa chachitatuchi. Kabatani kamatha kusaoneka n'komwe. Mayeso ake ndi achidule. Yatsani `Airplane mode`, kenaka yatsaninso wayifayi yokha, mudikire mphindi imodzi. Pamwamba pakaoneka `VoWiFi` kapena dzina la kampani lotsatana ndi `Wi-Fi`, pemphani wina akuyimbireni pa laini. Foni ikalira ili pa ndege choncho, zatheka. Ikapanda kulira, pitani nayo ku shopu ya kampani mukafunse ngati laini ndi foniyo zili zololedwa. Muli pomwepo yesaninso meseji wamba ndi manambala a nyenyezi aja a ndalama, chifukwa pa makampani ena mawu amadutsa pa wayifayi koma zimenezi zimafunabe nsanja. Ndi bwino kuzidziwa masana, osati pakati pa usiku mukudikira nambala ya kubanki.

Kwa ine laini imodzi mwa ziwiri inalola, inayo inakana, ndipo nambala yomwe ndimapatsa madalaivala tsopano ndi yololayo. Malire ake alipo. Mukatuluka pageti muli pakati polankhula, wayifayi n'kutha, foni imadula pokhapokha `VoLTE` ikhale yoyatsa ndipo 4G ilipo yoti ilandire. Ndiponso rauta ya simu imamwa pa nsanja yomweyo, choncho madzulo a kuthithikana mawu amathanso kunjenjemera. Amene ali ndi intaneti ya waya ya TelOne kapena Liquid, kapena Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2024, samva zimenezi chifukwa sadutsa pa nsanja n'komwe. Nyumba ya mabanja anayi kapena asanu ikhoza kusonkherana.

A dalaivala ndi inu oyenda ndi simu za ku Joni, Vodacom ndi MTN ali nayo `Wi-Fi Calling` kwawo. Koma musaganize kuti idzagwira pa wayifayi iliyonse mukawoloka Limpopo. Makampani ena amailola kunja kwa dziko, ena amaitseka, ndipo mitengo yake imasiyana, choncho funsani musananyamuke ndipo yesani ndi ndege ija mukafika pa malo ogona. M'galimoto, foni ya pa galasi lakutsogolo imagwira bwino kuposa ya pa bedi kuseri kwa mipando, ndipo mukaimika pakati pa mathiraki awiri a makontena mwadzitsekera m'kanjira kachitsulo.

Za timabokosi tokuzira netiweki tomwe timagulitsidwa ku Joni ndi ku China, ta mlongoti wina kunja wina m'kati, ine sindingakulimbikitseni. Timeneto timaulutsa pa mafunde omwe makampani analipirira chiphaso, ndipo zida zotero zimafuna chilolezo cha POTRAZ kuno, monga mmene zilili ndi MACRA kumudzi ndi ICASA ku Joni. Totchipato tikaikidwa milongoti iwiri moyandikana timadzimva tokha n'kuyamba kulira ngati zokuzira mawu za mutchalitchi, phokosolo n'kusokoneza nsanja ya dera lonse. Kanthuko kakakhala ka 900 yokha pamene foni yanu ikufuna 1800, timizere timadzaza koma intaneti osasintha. Nanga timapepala tomata kuseri kwa foni, tolembedwa kuti timakoka netiweki? Mnzanga wina wa ku St Mary's anabwera nato paketi yonse kuti tizigulitsa. Tinayeza pa tebulo limodzi, foni imodzi: tisanamate -112, titamata -112.